Kapemphedwe ka kwathu kanatsala pang'ono kumutulutsitsa m'nyumba mwana wa mlongo wanga ku Kuwadzana

Amene mwangotsika kumene basi yochokera ku Blantyre kuno ku Harare, kaya pa Roadport kaya ku Mbare, Chishona chisakuopseni, chimalowa msanga chifukwa mawu ambiri tikufanana nawo, miyezi ingapo mudzapezeka mukunenerera tomato pa Mbare Musika ngati munabadwira pompo. Chimene chimachedwa kulowa ndi kapemphedwe. Munthu amatha kudziwa mawu onse koma osadziwa kuti pempho amaliika pati, ndipo izizi zimapweteka kwambiri pa nkhani ya lendi, ngongole ndi kwa abwana, pomwe ukalakwitsa umagona panja kapena umadana ndi munthu amene sanakulakwire. Ine ndine telala, mashini anga ali ku Highfield chakufupi ndi Machipisa, kwathu ndi ku Dedza koma ndinabwera kuno tsitsi lisanayambe kuyera, nde anyamata ambiri akafika amayamba kugona pa sitolo panga kenako nkumapeza kachipinda kawo. Nkhani ndikufuna ndikuuzeniyi ndi ya mmodzi mwa iwowa, mwana wa mlongo wanga weniweni.

Tiyambe ndi mmene timapemphera kwathu, chifukwa ambiri timachita osazindikira kuti tikuchita. Ukafuna kubwereka ndalama kwa munthu wamkulu suyamba ndi ndalamayo. Umapanga odi, akupatsa mpando kapena mphasa, malonje onse, mwadzuka bwanji, kaya ana, kaya mvula kumeneko. Kenako umayamba kudandaula chamumtunda, kuti aaa chaka chino zinthu zativuta, feteleza wakwera, mwana amubweza kusukulu. Supempha. Mwininyumba ndi amene amakoka nkhani, amvekere "kaya mwatiyendera?" iwe nkuti "ayi ndimangoti ndidzakuoneni", ndipo nthawi zambiri nkhani yeniyeni imatuluka pokuperekeza, mutafika kale kumpanda kopanda ana ndi akazi awo omvera. Ena amaiona ngati kutaya nthawi koma njira imeneyi ili ndi nzeru yake. Ngati munthuyo alibe, amangodandaula nawe limodzi, "zoona zavuta chaka chino", basi mwasiyana, iwe sunapemphe iye sanakane, mawa mukumana ku maliro kapena ku tchalitchi popanda wozemba mnzake. Manyazi asungidwa mbali zonse ziwiri. Koma kuti ziyende pamafunika kuti nonse awiri mukhale mukudziwa kuti kudandaulako ndi pempho.

Nde mnyamata uyu anapeza chipinda chimodzi ku Kuwadzana, lendi madola 60 pamwezi, kulipira pa 1, mayi landilodi wake wamasiye wachikulire ndithu, wa Chishona, malojala ena atatu pakhomo pomwepo. Ntchito anaipeza ku Msasa pa malo ena ogulitsa zipangizo zomangira, yonyamula ndi kupakira. Mwezi wina malipiro anachedwa, anawauza kuti alandira pa 10, iye mthumba ali ndi madola 40 basi. Mnyamatayu ndi waulemu zedi, mlongo wanga analera bwino, nde mwezi usanathe anapita kwa mayi aja madzulo, anagogoda, ananjuta pakhomo la khitchini, nkuyamba kufotokoza m'Chishona chake chothyokathyoka kuti kuntchito zinthu sizili bwino, abwana sanalipire, kumudzi amayi akudwala, zinthu zavuta. Mayi aja anamumvera chisoni ndithu, amvekere "zvakaoma mwanangu", kutanthauza kuti nzovuta mwana wanga, mpaka anamupatsa mbatata yophika. Iye anatuluka mtima uli m'malo kuti nkhani yatha, andimvetsa, andidikira. Madola 40 aja anawasunga kuti adzapereke zonse pamodzi pa 10 poti kupereka zoperewera ankaona ngati chipongwe.

Pa 1 zii. Pa 3 zii. Pa 5 m'mawa anthu ali pa mzere wa pampopi ndi zigubu, mayi aja anamufunsa pamaso pa malojala onse kuti kodi mari yerendi ili kuti, ndipo ngati sakufuna kulipira anene chipinda apatse wina. Anabwera ku sitolo kwanga maso ali ofiira, amvekere "amalume ine ndikusamuka, mayi aja ndi oipa mtima, ndinawauza bwinobwino avomera, lero akundiyalutsa pagulu." Ndinamufunsa kuti unawauza kuti chani kwenikweni, tandibwerezera mawu ake. Atabwereza ndinamufunsa kuti nanga tsiku unatchula? Ayi. Ndalama unatchula kuti uli ndi zingati? Ayi. Mawu oti ndikupempha unawanena? "Amalume, munthu wamkulu ngati uja ndingachite kumuuza? Anamva yekha."

Sanamve. Ndipo si kuti ndi wouma mutu kapena woipa. Muganize kuti kuno ku Harare mawu oti zinthu zavuta anasanduka moni, kuyambira nthawi ija ya 2008 ndalama zikusungunuka m'manja mpaka pano tili ndi ndalama ya ZiG imene inabwera mu 2024, aliyense mu kombi, pa mzere wa madzi, pa tchalitchi akunena kuti zvakaoma. Mayi amene ali ndi malojala anayi amamva nyimbo imeneyi tsiku lililonse, akati aziitenga ngati pempho ndiye kuti palibe adzalipire. Kwa iwo mnyamatayu anabwera kudzacheza ndi kudzapepuza mtima, anamutonthoza, anamupatsa mbatata. Kenako tsiku lolipira linadutsa iye osanena kanthu, akungowapatsa moni nkumadutsa, nde kumbali yawo wamwano anali iyeyo, munthu woti ali ndi ngongole koma akuyenda ngati palibe chilichonse. Aliyense ankaona kuti mnzake wamunyoza.

Musandimve molakwa ngati ndikuti Ashona sadziwa kuzungulira. Pitani ku roora, mwambo wawo wa malowolo, mukaone mmene munyai amayendera pakati, mawu amodzi kudutsa anthu atatu asanafike kwa mwini mwana, sizikusiyana ndi ankhoswe athu. Kumidzi kwawo nakonso amazungulira. Ndipo ngakhale ku Ndirande landilodi sangakudikire chifukwa choti wadandaula. Koma mnyamata wochokera kumudzi amabwera ndi njira imodzi yokha, ndipo poti akulankhula chilankhulo chachilendo amaopa kulakwitsa nde amazungulira kuposa mmene akanachitira kwawo. Zimene ndaona ine m'tauni muno nzoti ulemu wa Chishona uli wambiri kuposa wathu pa moni, pa manja, pa dzina lomwe ukumutchula munthu ndi pa tizidutswa ta mawu, koma pempho lenilenilo amalinena poyera, chinthu chake, kuchuluka kwake, tsiku lake.

Ndinamuuza kuti sukusamuka, tipita limodzi madzulo ano, utenge madola 40 aja. Kupita ine kunali ndi ntchito yake. Nkhani itafika poyalutsana pagulu mwana sangaikonze yekha, pamafunika wamkulu, ndipo kwa Ashona malume amamutcha sekuru, nde ndikafika ine mayi aja akuona kuti mnyamatayu ali ndi kwawo, si munthu wongotoleka amene angathawe usiku ndi katundu. Tinasankha nthawi yoti adya kale, malojala ena alowa m'zipinda. Nkhani ya ndalama musamaiyambe m'mawa munthu akusesa, kapena pali mlendo, kapena pali lojala mnzanu, chifukwa landilodi akakuvomera pamaso pa ena ndiye kuti wavomera onse, nde amakana olo mtima ukufuna.

Pageti sitinati odi, tinati "tisvikewo", iwo "svikai". Titakhala pansi ine ndinayamba kuwomba m'manja. Apa pali kusiyana koti mudziwe, mwamuna amawomba manja atagona motalika zala zonse zitaloza kutsogolo, mkazi amawomba mopingasa manja atapindika ngati akuumba mbamu ya nsima, ndipo mkazi akamalandira chinthu kapena kupereka moni ataima amathyolako bondo pang'ono, amati kutyora muzura. Mwamuna ukawomba mwachikazi sakukwiyira koma akuseka ukachoka. Moni wake "maswera sei amai?" iwo "taswera maswerawo", ife "taswera". Ndinafunsa za ana, za mwendo wawo umene mnyamata anandiuza kuti umawavuta, pang'ono chabe, osati mpaka tiyi kuzizira. Kenako ndinapepesa m'malo mwake kuti mwanayu ndi mlendo, ankayesa kuti wanena pomwe sananene, ndipo ndinamukodola kuti alankhule yekha mawu amene tinaphunzitsana m'njira. Anati:

"Pamusoroi mhamha, ndine chikumbiro. Ndiri kukumbirawo kuti mundimirirewo kusvika musi wa 10. Nhasi ndine 40, yasara 20 ndinokupai musi wa 10."

M'Chichewa ndiye kuti pepani amayi, ndili ndi pempho, ndikupemphako kuti mundidikireko mpaka pa 10, lero ndili ndi 40, yotsala 20 ndikupatsani pa 10. Basi. Ndalama anapereka ndi manja awiri. Mayi aja anawerenga, anapukusa mutu nkuseka, amvekere nanga bwanji sunanene tsiku lija, 40 unali nayo nthawi yonseyi ine ndikusowa yogulira magetsi? Nkumuponyera mwambi wawo uja woti mwana asingachemi anofira mumbereko, mwana wosalira amafera kumsana. Ife timati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, nde simungati nzeru imeneyi kwathu kulibe, kungoti pamaso pa munthu wamkulu timaiiwala.

Tsopano taonani mmene mawu atatu aja anamangidwira chifukwa mukawamvetsa mutha kupempha nawo chilichonse. Pamusoroi ndi kutsegula njira, pamene ife timaika zikomo kapena pepani. Kwathu zikomo amagwira ntchito zonse, kuthokoza, kupempha njira, kuitana munthu, kuno anazigawa, kudutsa pakati pa anthu kapena kuyamba nkhani ndi pamusoroi, kuthokoza ndi maita basa kapena mazvita kapena ndatenda. Ndine chikumbiro ndi kumuchenjeza munthu kuti kucheza kwatha tsopano kukubwera pempho, mbali imene mnyamata wanga anaidumpha ulendo woyamba. Kenako kachidutswa kaja ka wo kumapeto kwa mawu, kameneka ndiye mwini nkhani. Kamagwira ngati ko wathu uja wa ndipatseniko, ndithandizeniko. Ndipe mvura ndi kulamula mwana. Ndipei mvura mwalemekeza poti mwaika i wa akulu monga ife timaikira ni, koma mukadali kulamula. Ndipeiwo mvura ndiye mwapempha. Anthu athu ambiri amaphunzira i uja msanga nkuiwala wo, nde amadabwa kuti bwanji amayi a pa sitolo akundiyang'ana choncho pomwe ndawalemekeza. Ana obadwira konkuno, zidzukulu za madala amene anabwera nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963 aja, ku Mufakose ndi ku Mabvuku ndawamvapo akusakaniza kuti ndipatseniwo, ife nkumaseka, koma khutu lawo lili bwino, akudziwa kuti pamenepo pakufunika kanthu.

Pali mawu awiri oti musamale nawo. Loyamba, musatenge kupempha kwathu nkukuika m'Chishona, chifukwa kupemha kwa iwo ndi kwa wopemphetsa wa m'mbali mwa msewu, pempho wamba ndi kukumbira. Ukati ndauya kuzopemha wadzitsitsa mpaka pansi ndipo munthu amachita manyazi m'malo mwako. Lachiwiri ndi ndapota, limene ambiri amaliyesa chonde wathu nkumaliwaza paliponse. Ndapota ndi kuchonderera, ndi mawu a munthu amene wapempha kale akumukana, kapena mwana wadwala usiku akufuna galimoto. Ukayamba nalo pa nkhani ya madola 20 umamupanikiza munthu, ukumuuza kuti akakana ndi wankhanza, ndipo anthu sakonda kuikidwa pakona choncho. Tinalisunga mthumba tsiku limenelo ndipo silinafunike.

Za dzina lomutchula munthu, mnyamata anati mhamha poti msinkhu wawo ndi wa mayi ake, ine ndinati amai. Akanakhala okalamba kwambiri bwenzi ali gogo kapena ambuya. Mukadziwa dzina la mwana wawo woyamba mutha kuti mai uje monga ife timati amake uje. Dzina lawo lenileni ayi. Mutupo, umene uli ngati mfunda wathu wa Phiri, Banda, Mbewe, ndi wamphamvu kwambiri kuno, koma ine ndimauika pothokoza osati popempha. Mayi aja ndi a Shava nde potuluka ndinawomba m'manja nkuti "maita basa Chihera", dzina lolemekezera akazi a mutupo umenewo, nkhope yonse inawala. Ukanati uyambe nawo popempha, iwe mlendo, zimamveka ngati ukunyengerera kuti ubere. Mawa lake m'mawa mnyamata anakathokozanso, maita basa nezuro, ngati mmene timanenera kuti zikomo za dzulo, zimenezo sitisiyana.

Mwana wanga wamkazi anaphunzira za zilankhulo pa yunivesite ku Mount Pleasant, nditamufotokozera nkhaniyi anandiuza kuti akatswiri awiri, Penelope Brown ndi Stephen Levinson, m'buku lawo la 1987 ananena kuti kulemera kwa pempho kumachokera pa zinthu zitatu, mphamvu imene winayo ali nayo pa iwe, kutalikirana kwanu, ndi kukula kwa chimene ukupempha. Anati ena a ku Japan ndi ku Nigeria anawatsutsa kuti anaganizira kwambiri za munthu payekha pomwe kwina manyazi ndi a banja lonse, zimene ine ndikugwirizana nazo poti ku Kuwadzana kuja ndinapita kukatsuka dzina la mlongo wanga osati la mnyamata yekha. Koma zitatu zijazo nzothandiza. Mphamvu ya landilodi sungaisinthe. Kutalikirana tinakuchepetsa ndi moni, mhamha, ndi kubwera kwa sekuru. Kukula kwa pempho tinakuchepetsa ndi madola 40 aja, m'malo moti adikire 60 osadziwa mpaka liti, anangodikira 20 mpaka tsiku lodziwika. Mnyamata ankaona ngati kupereka zoperewera ndi chipongwe pomwe ndi zimene zinapepuza nkhani yonse.

Ndipo muyezo womwewu ukuuzani pomwe simukuyenera kuchulutsa ulemu. Mu kombi yochokera pa Market Square kapena pa Copacabana palibe za pamusoroi ndine chikumbiro, mukamamaliza mawu amenewo mwapitirira siteji ziwiri. Mumangokuwa kuti "ndisiyeiwo pakona", wo mmodzi wakwana. Hwindi nayenso, kondakitala uja, olo ali wamwano bwanji potolera ndalama amati "vabereki ngatibhadharei", makolo tiyeni tilipire, kudziika m'gulu ngati nayenso alipira. Chimodzimodzi kwa anzanu a msinkhu umodzi, kuno amafika pa iwe msanga kuposa kwathu. Ife tinazolowera inu ngakhale kwa mnzako wa pa ntchito, ena mpaka mwana wawo amamuika a kutsogolo. Ukapitiriza imi, amene ndi inu wawo, kwa mnyamata mnzako amene akukutcha iwe ndi shamwari, iye amamva ngati ukumukankhira kutali kapena ukumuseka.

Chizungu ndiye chili ndi msampha wina, ndipo mnyamata yemweyu anakumana nawo kuntchito. Mwezi wotsatira ankafuna adivansi ya madola 30, manijala wawo ndi munthu wolankhula Chizungu pa ntchito olo kuti Chishona amachidziwa. Anandiyeserera zimene akanene, ndinangogwira mutu. Mu mtima mwake ankanena kuti "bwana ndipatseniko adivansi", mawu aulemu bwinobwino, koma Chizungu chilibe inu ndi iwe, chilibe ni, chilibe ko, nde ukamasulira liwu ndi liwu tizidutswa tonse taulemu timagwera pansi, chotsala ndi "ndipatse adivansi" kapena "ndikufuna adivansi". Iwe ukumva ngati wagwada, winayo akumva ngati wamuloza chala. Kuika pulizi kutsogolo kumathandiza pang'ono koma lamulo limakhalabe lamulo, pulizi si mankhwala. Azungu ulemu wawo anauika posandutsa pempho kukhala funso, kodi kungatheke kuti ndilandireko, kodi mungathe kundithandiza, ndiponso polibweza m'mbuyo ngati linali ganizo chabe, zimene ifenso timachita tikamati ndimati ndifunseko, ndimafuna ndidziwe. Nde musamasulire ndipatseniko, muzimasulira kodi kungatheke.

Chinanso, mu ofesi ya Chizungu moni ndi umodzi, kenako nkhani. Ukayamba kufunsa za ana ndi za kunyumba manijala amayang'ana wotchi nkumaganiza kuti munthuyu walakwitsa chinachake akuopa kunena. Chifukwa chake chikhale chimodzi chachifupi, osati mbiri ya mudzi wonse. Tinakonza kuti akanene zinthu zinayi basi motsatana, moni, funso loti kodi kungatheke kulandirako adivansi ya madola 30, chifukwa choti akufuna kukwaniritsa lendi, ndi kuti adzadule pa malipiro a mwezi womwewo. Ndinamuuzanso kuti amuyang'ane kumaso pang'ono, poti kuzolika kumene kwathu ndi ulemu kumeneko ena amakuwerenga ngati kubisa kanthu. Anamupatsa 20 osati 30, koma anamupatsa.

Msamphawu umagwiranso chobwerera. Poti Chizungu chimapempha ndi funso, chimalamulanso ndi funso. Abale athu ambiri amagwira m'mayadi ku Borrowdale, Highlands, Greendale, nde dona akafunsa kuti kodi ungathe kutsuka galimoto ukamaliza kuthirira, kapena kodi ungakonde kusesa kuseri, limenelo si funso, palibe akufuna maganizo ako. Mkulu wina wa kwathu konkuja anayankha moona mtima kuti ayi lero sindingakonde ndatopa, anadabwa kumapeto kwa mwezi akuuzidwa kuti ndi wamwano. Ngati simungathedi, musayankhe ayi wouma, nenani chimene chikukutchingani ndi nthawi imene muchite, kuti ndikumaliza kaye kudula kapinga, galimoto ndiitsuka ikamakwana 2 koloko.

Mbali yomaliza imene anyamata amalephera ndi kumva yankho, chifukwa kukana nakonso amakufewetsa. Eya weniweni wa Chishona amabwera ndi chinthu chogwirika, zvakanakai kapena horaiti kenako nkubwereza tsiku lija, "musi wa 10 handiti?" Munthu akabwereza tsiku kapena ndalama ndiye kuti wavomera ndipo walemba mu mtima. Akati "tichaona" ndi tiona wathu yemweyo, musawerengere. Akati "ndazvinzwa" ndi ndamva, sanalonjeze kanthu. "Regai ndimbotaura nababa", ndiyambe ndalankhula ndi abambo, nthawi zina nzoona koma nthawi zambiri ndi khomo lotulukira kuti wokana akhale munthu amene palibe, nde mufunse mwaulemu kuti ndibwerenso liti, akatchula tsiku pali chiyembekezo, akati ndidzakuimbirani foni yambani kuyang'ana kwina. Akayamba kukuwerengerani mavuto awo, fizi ya ana, madzi, magetsi, akukana mwa njira ya kwathu ija ndipo inu muyenera kuzindikira msanga kuposa wina aliyense. Ndipo munthu amene mumalankhula naye Chishona bwinobwino akangosintha mwadzidzidzi kulowa Chizungu pakati pa nkhani, kaya ndi landilodi kaya wa mu ofesi, ndiye kuti ubale wauika pambali tsopano akulankhula lamulo, kuchonderera pamenepo nkungodzichotsa ulemu.

Mnyamata uja pa 10 analandira madzulo, ndinamuuza kuti usadikire kukafika kunyumba, tumiza pa EcoCash pompano kenako ukafike ndi pakamwa kukanena kuti ndatumiza, poti tsiku ukalitchula wekha limasanduka ngongole ina pamwamba pa ndalamayo. Zikanati zalephereka akanayenera kupita pa 9 osati pa 11, ndi tsiku latsopano m'manja. Patapita miyezi malipiro anachedwanso, nthawi yoti masukulu akutsegulira mu Januwale, anapita yekha mwezi usanathe ndi mawu omwe aja. Ulendo umenewo mayi aja anamukana mosabisa, "mwedzi uno hazviite mwanangu", mwezi uno sizitheka, mdzukulu wawo amafunika fizi. Iye anawomba m'manja, anathokoza, anabwera kwa ine ndinamubwereka 20 nkudzandibwezera atalandira. Chipinda chija akukhalabe chomwecho, ndipo akapita kumudzi kwawo mayi aja makiyi a pageti amasiyira iyeyo.